Za mafuta a nsatsi aja, sindinamwe

Ndinafunsa kuti: "Mimba yadutsa masabata 40, kodi ndimwe mafuta a nsatsi kuti matenda ayambe?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinamvera azamba amene anandiletsa, sindinamwe. Mafutawa amavundula matumbo, munthu amatsegula m'mimba, kusanza, madzi n'kutha m'thupi, ndiye nthawi yobereka imakwana atafooka kale. Chiberekero chimathanso kukokana mopweteka koma khomo osatseguka, uli kunyumba komwe kulibe womvetsera kugunda kwa mtima wa mwana.

Kusikelo atandiyeza, mzamba anazunguliza chala pakhomo la chiberekero kuti matenda adzuke. Anayambadi, ndipo ndachira bwino. Akanachedwa, akanandiyambitsa ndi mankhwala kuchipatala pa masabata 41.

Inu oyembekezera, mwana akachepetsa kusewera m'mimba, kapena mukataya magazi kapena madzi obiriwira, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.