Malata a sukulu: makotesheni atatu osafanana, tiyambirenso bwanji?

Msungichuma wa ku Katoto: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikufolera chipinda chophunzirira pasukulu ya mpingo wathu kupitirira Ekwendeni, ndipo ndalama ndi za otithandiza amene amafuna mapepala olongosoka. Sabata yatha ofesi yathu inatumiza kalata kwa ogulitsa atatu, yonena kuti "tikufuna malata 64 abwino, tipatseni mtengo". Mayankho abwera, koma mtengo wa wina ndi pafupifupi theka la wa mnzake. Woyamba, amene ndi wotchipayo, walemba malata a mizere wamba, geji 32, a mafiti 12. Wachiwiri walemba malata a mizere ya makona otchedwa IBR, opaka utoto, koma akuti tikatenge tokha ku Luwinga. Wachitatu sanatchule geji ngakhale VAT. Komiti ikuti titenge wotchipayo. Ine ndakana, ndikufuna tilembenso kalata. Lero ndi Lachisanu pa 10 Okutobala, abwana akuti itseke Lolemba chifukwa mvula ili pafupi. Ndilembe chiyani?

Achimwene a ku Chibavi: Mayi, musavutike. Mlamu wanga ali ndi hadiweya m'tauni muno, malata ali nawo ambiri ndipo lole ali nayo yake. Ndikutumizireni nambala?

Msungichuma wa ku Katoto: Zikomo achimwene, koma ogulitsa ndili nawo kale. Chikundivuta ndi kalatayo. Ndiponso odita akadzamva kuti mlamu wa mnzanga ndi amene anawina, ndidzayankha chiyani?

Bambo a ku Mchengautuwa: Mwachita bwino kukana, mayi. Makotesheni atatuwo sangayerekezedwe chifukwa aliyense wagulitsa chinthu chake. Wotchipayo sanabe, wangoyankha funso limene munamufunsa. Musanalembe chilichonse, itanani kapitawo wanu akuuzeni zinthu zitatu: mtundu wa lata, kutalika kwake kuchokera pamsonga pa denga kufika kunsi, ndi kutalika kwa nyumba yonse. Nambala ya 64 ija inachokera kuti?

Msungichuma wa ku Katoto: Ndamuimbira. Akuti nyumba ndi mamita 20, denga ndi la mbali ziwiri, mbali iliyonse ikufuna lata la mamita 4.5 lopanda kulumikiza. Anawerengera IBR.

Bambo a ku Mchengautuwa: Ndiye zikumveka. Lata la IBR likalumikizana ndi linzake limaphimba mamilimita 686 m'lifupi. Mamita 20 kugawa ndi 0.686 zikupereka 29 ndi kakotsala, ndiye malata 30 mbali imodzi, 60 mbali zonse, ndipo 4 enawo ndi oyembekezera ngozi. Tsono onani zimene zikanachitika mukanatenga wotchipa uja. Mafiti 12 ndi mamita 3.66, sakufika pa 4.5. Mzere uliwonse ukanafuna chidutswa chowonjezera, ndipo polumikizapo ndi pomwe madzi amayambira kulowa mvula ikamagwa ndi mphepo. Malata 64 akanathera panjira denga lisanakwane.

M'kalatamo lembani mzere umodzi wosasiya mpata: malata a IBR, ophimba mamilimita 686, otalika mamita 4.5 lililonse, okhuthala osachepera mamilimita 0.40 kapena mlingo umene kapitawo anene, opaka utoto wobiriwira kufakitale, 64. Za geji chenjerani. Nambala ikamakwera lata likupyapyala, 32 ndi yopyapyala kuposa 28, koma ogulitsa ena amatchula "28" pa lata limene mukaliyeza silikufika pomwe mumayembekezera. Mamilimita amayezeka ndi chida pamaso pa aliyense, pomwe geji imakhala ya pakamwa. Musaiwale malata opindika a pamsonga ndi misomali yake yokhala ndi mphira, mizere yawoyawo. Mukazisiya mudzabweranso kudzapempha makotesheni ena atatu a misomali yokha.

Achemwali a ku Zolozolo: Ine njira yanga ndi yachidule. Ndimangolemba dzina la kampani yopanga malata imene ndimaikhulupirira, basi. Palibe amene angandibweretsere zopyapyala.

Bambo a ku Mchengautuwa: Achemwali, dzina limathandiza pang'ono, koma kampani imodzi yomweyo imapanga malata okhuthala ndi opyapyala omwe, ndiye mamilimita muyenera kulembabe. Komanso mukatchula dzina lokha mwatsekereza onse amene sagulitsa za kampaniyo. Ife a m'boma, malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, amafuna makotesheni osachepera atatu, ndipo atatuwo ayenera kukhala mpikisano weniweni. Ngati dzina simungalipewe, onjezani kuti "kapena ofanana nawo", ndipo wogulitsa alembe yekha amene anapanga malata akewo.

Achemwali a ku Zolozolo: Mawu oti "ofanana nawo" ndi amene amabweretsa mikangano patsiku lolandira. Aliyense amati ake ndi ofanana. Koma chabwino, ndamva za mamilimita.

Mayi a ku Masasa: Ndilowereko pa za kafikitsidwe, chifukwa ine zinandiwotcha. Tinaitanitsa matumba 80 a simenti a ntchito ina chakunyanja, kalata inangoti "afikitsidwe". Wogulitsa anafikitsa paofesi yathu m'tauni muno n'kunena kuti wamaliza. Titamukakamiza anapita, koma dalaivala anafika madzulo, anati kutsitsa si ntchito yake, ndipo pamalopo panali mlonda yekha. Usiku kunagwa mvula, ena mwa matumbawo anauma ngati miyala, ndipo mpaka lero sitinagwirizane kuti alipire ndani.

Ndiye mayi, lembani dzina la sukulu ndi mudzi, ndi makilomita a msewu wafumbi kuchokera popatukira pa M1. Nenani kuti mtengo uphatikize kunyamula ndi kutsitsa, ndipo katundu ndi wa wogulitsa mpaka munthu wanu atawerenga ndi kusayina. Lembaninso maola olandirira, monga Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Lata la mamita 4.5 silikwera pa pikapu bwinobwino, limapindika kumapeto, choncho munthu adziwiretu kuti pafunika lole.

Msungichuma wa ku Katoto: Msewu wafumbi ndi makilomita 14, ndipo pali kamlatho kamatabwa. Nthawi yofikitsira ndilembe "mwamsanga"?

Mayi a ku Masasa: Ayi, "mwamsanga" wa wogulitsa ndi mwezi wathunthu. Lembani masiku 14 kuchokera tsiku lolandira LPO, kalata yanu yoitanitsira katunduyo. Za kamlathoko zitchuleni, asabwere ndi chilole chachikulu n'kukatsitsira kutsidya.

Bambo a ku Mchengautuwa: Ndionjezere apo. Mtengo wa thiransipoti ukhale pamzere wakewake, VAT pamzere wake, kenako chiwonkhetso. Apatseni fomu imodzi yofanana onse adzaze, asamalembe aliyense pa pepala lake momwe akufunira. Mukatero, amene alibe VAT chifukwa sanalembetse adzaonekera, ndipo simudzasokoneza ndi amene wangoibisa kuti aoneke wotchipa. Apempheninso TPIN ya ku MRA ndi chiphaso cha bizinesi. Ndipo nenani m'kalata momwemo kuti mudzasankha wotsika mtengo pakati pa okhawo amene akwaniritsa zonse zolembedwa. Chiganizo chimenechi ndi chimene chidzakutetezeni komiti ikadzalozanso wotchipa.

Tsono tsiku lotseka. Kutumiza Lachisanu masana n'kutseka Lolemba n'chimodzimodzi kusankhiratu munthu. Malata a mamita 4.5 opaka utoto nthawi zambiri sakhala pashelefu, amadulidwa pa oda, ndipo ogulitsa ambiri a kuno amayamba afunsa mtengo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene maofesi amakhala otseka Lamulungu. Amene angayankhe pofika Lolemba ndi yekhayo amene anamva nkhaniyi kale, kapena amene alembe mtengo wongopeka n'kudzaukana mutamupatsa LPO. Kumbukiraninso kuti Lachitatu pa 15 ndi Tsiku la Amayi, holide. Ine ndikanatumiza Lolemba pa 13 m'mawa, kwa onse ola limodzi, n'kutseka Lachitatu pa 22, 10 koloko m'mawa. Amenewo ndi masiku 6 athunthu a ntchito. Mafunso alandiridwe mpaka Lachisanu pa 17, ndipo yankho la funso la mmodzi lipite kwa onse.

Msungichuma wa ku Katoto: Abwana andidya wamoyo. Akuti mvula.

Bambo a ku Mchengautuwa: Awerengereni pa kalendala. Kutseka pa 22, komiti ikhale pa 24, LPO ituluke Lolemba pa 27, malata afike pasanadutse pa 10 Novembala. Mukatseka Lolemba likubwerali n'kulandiranso makotesheni osokonekera, mudzayambiranso kachitatu ndipo pa 10 Novembala mudzakhala mulibe ngakhale lata limodzi.

Achimwene a ku Chibavi: Ndilankhuleko ngati munthu wodziwa mbali ya ogulitsa, poti mlamu wanga ndimamuona akudandaula. Inu mumalemba kuti mtengo usasinthe kwa masiku 30, kulipira ndi masiku 30 enanso katundu atafika. Chitsikireni kwacha ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, ndani angagwire mtengo miyezi iwiri? Ambiri amalemba masiku 7 okha. Mukaumiriza 30, amangokweza mtengo kuti adziteteze, ndipo olipira ndinu.

Mayi a ku Masasa: Apa achimwene anena zoona. Ife tinatsitsa kufika pa masiku 21, n'kulonjeza kulipira pasanathe masiku 7 katundu atalandiridwa. Mitengo inabwera yabwinoko.

Bambo a ku Mchengautuwa: Ine ndikanasiya 30. Komiti ikalephera kukumana kamodzi kokha chifukwa cha maliro, masiku 21 atha ndipo wogulitsa ali ndi ufulu wokana. Kulipira msanga ndiye ndikugwirizana nako, bola musalonjeze masiku 7 pomwe osayina cheke wina ali ku Karonga.

Achemwali a ku Zolozolo: Nanga azitumiza bwanji? Masiku ano onse amangojambula n'kutumiza pafoni.

Bambo a ku Mchengautuwa: Pafoni ya munthu mmodzi ayi. Amene walandira woyamba akudziwa mtengo pomwe ena sanapereke, ndipo ngakhale akhale woona mtima, wolephera adzanena kuti anauza mnzake. Envelopu yomata, m'bokosi lokhoma, kutsegula nthawi yomweyo pa 10 koloko anthu awiri kapena atatu alipo. Yofika 10:20 ibwezedwe yosatsegula.

Achemwali a ku Zolozolo: Ndiye wa ku Lilongwe mwamutaya, chifukwa envelopu yake idalira basi. Imelo ya ofesi yosatsegulidwa mpaka nthawi itakwana ingavute chiyani?

Msungichuma wa ku Katoto: Yewo nonse. Ndalemba mzere wa malata monga ananenera bambo, masiku 14 ofikitsira, kamlatho ndakatchula, kutseka pa 22. Pa kugwira mtengo ndaika masiku 30, kulipira masiku 14, chifukwa osayina athu onse ali m'tauni muno. Za imelo ndifunsa kaye otithandiza ngati amaivomera. Chatsala ndi chida choyezera kukhuthala kwa lata patsiku lolandira. Alipo amene angatibwereke sabata ya pa 10 Novembala?

Mayi a ku Masasa: Funsani amakanika okonza injini ku Luwinga, amakhala nacho. Poyeza kumbukirani kuti utoto umawonjezera pang'ono, ndiye m'kalatamo nenani ngati 0.40 yo ndi ya chitsulo chokha kapena pamodzi ndi utoto.