Thandizo: kusintha malo oonekera a usiku popanda kuwononga nkhani

Moni nonse amene mumapanga mafilimu muno. Ndakakamira pa sikiriputi ya filimu yaifupi ya mphindi 20 yomwe tikufuna kujambula ku Lilongwe, ndipo ndalama zomwe tapeza zingokwanira masiku anayi basi.

Malo ojambulira ndawachepetsa kale. Kukangana kwa mayi ndi mwana wawo kunali mu minibasi, pano kuli pakhonde la nyumba yomwe tikujambuliramo kale. Maliro omwe ankafuna khamu la anthu ndawalembanso kuti kamera izikhala m'chipinda ndi wamasiye yekha, nyimbo za amayi zizingomveka kuchokera panja. Apo ndakhutira, mwinanso pakukhudza mtima kuposa poyamba.

Pandivuta ndi pachimake pa nkhani. Mnyamata akuthawa kwawo pakati pa usiku, kudutsa pamsika mpaka kudepoti. Kujambula usiku kukufuna jenereta, magetsi, mafuta ndi galimoto yotula osewera m'makwawo. Ndinayesa kupalemba ngati masana koma sipakumveka, chifukwa aneba akanamuona n'kumugwira. Tinayesanso kujambula masana n'kudetsa chithunzi pa DaVinci Resolve, koma thambo likuwalabe ndipo zithunzithunzi za anthu pansi zikuonetseratu kuti kuli dzuwa.

Kodi ndipasamutsire m'bandakucha? Nkhawa yanga ndi yakuti kuwala kwa nthawi imeneyo sikuchedwa kusintha, sitingabwereze kambiri. Kapena ndichotseretu kuthawako, tingoona mayi ake m'mawa akupeza mphasa yopanda munthu ndi chitseko chotsekula? Amene munakumanapo ndi zotere, munasankha njira iti, nanga oonera anaimva nkhaniyo bwinobwino?