Chuma cha achimwene chipite kwa makolo kapena kwa ife abale ake?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Achimwene anatisiya mwezi wathawu. Sanakwatire, analibe mwana, ndipo wilu sanalembe. Asiya nyumba ku Ndirande, minibasi ndi ndalama kubanki. Bambo ndi mayi alipo, ndipo ankadalira malemuwo pa chakudya ndi mankhwala omwe. Abale tatsala anayi, koma mlongo wathu mmodzi ndi wa bambo wina. Amalume akuti kwathu n'kwa chikamwini, ndiye ogawa ndi iwowo. Makiyi a minibasi atenga kale.

Kodi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo ndani, makolo kapena ife? Nanga mlongo wathuyo alandira mofanana nafe? Kalata yoyendetsera chumachi akaitenge kukhoti ndani?