Zotsatira zachiwiri za chithokomiro

Atandiyeza mahomoni awiri m'magazi, T4 imene imapangidwa ndi chithokomiro, ndi TSH imene imachilamula kuti chigwire ntchito, ndinafunsa muja kuti: "TSH yanga ili pa 6.8 koma T4 ili bwino, kodi ndikudwala?"

Ndabwererako patatha miyezi itatu. TSH yatsikira pa 5.9, T4 sinasinthe. Adokotala akuti chithokomiro changa chikuchita ulesi pang'ono, ndiye kachiwalo ka pansi pa ubongo kakutulutsa TSH yambiri pochikalipira, ndipo pakadali pano chikumvera, n'chifukwa chake T4 ikukwanirabe.

Mapiritsi sanandipatse. Akuti nthawi zambiri amayamba TSH ikafika 10, kapena ngati mayi akufuna kutenga pathupi. Ine ndimaloza chithokomiro pa kutopa kwangaku, komatu apeza kuti magazi ndi ochepa. Zandichititsa manyazi pang'ono. Ndidzayezetsanso pakatha miyezi 6.