Matumba 240, koma ndalama zake sizikugwirizana

Chisomo: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni maso. Mnzanga wa kuno ku Nkhotakota walemba nkhani ya kalabu ina ya alimi a mpunga, ndiye wandipatsa kuti ndiyikonze isanapite kwa mkonzi 5 koloko. Ndaiwerenga katatu, mtima sukukhazikika koma sindikudziwa pogwira. Mutu wake ndi uwu: "Alimi A Mpunga Ku Nkhota-Kota Apha K1.2 Miliyoni". Ndime yoyamba ikuti kalabuyi yakolola matumba 240 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 120, pa mahekitala 5. Yachiwiri ikuti chaka chatha anakolola matumba 160, choncho zokolola zakwera ndi 80 peresenti. Yachitatu ikuti thumba likugulidwa pa K50,000 ndipo alimiwa apeza K1.2 miliyoni.

Yamikani: Thumba K50,000? Kuno ku Salima mavenda sakufika pamenepo ayi. Afunseni akugulitsa kuti, mayi anga ali ndi matumba angapo ku Lifuwu akungowayang'ana.

Mayi Nasibeko: Iii a Yamikani, mwanayu sakugulitsa mpunga, akukonza nkhani. Chisomo, yamba ndi matani. 240 kuchulukitsa ndi 50 ndi makilogalamu 12,000. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000, ndiye ndi matani 12. Mnzakoyo wawonjezera ziro. Ndalamazonso chimodzimodzi: 240 kuchulukitsa ndi K50,000 ndi K12 miliyoni. Kadonthoko kangogwera polakwika, kachotse. Peresentiyo ndi 33, poti 80 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 240.

A Mwale: Pa matani, mayi, mwalasa. Ndionjezerepo kanjira kena kodziwira, chifukwa si nthawi zonse pomwe wolemba amatipatsa kulemera kwa thumba. Gawani zokolola ndi kukula kwa munda. Matani 120 pa mahekitala 5 ndiye kuti hekitala iliyonse yatulutsa matani 24, kapena kuti matumba 480. Munda wotere kulibe, ngakhale ku sikimu ya Bua madzi ndi feteleza zitakwana. Koma matani 12 akupereka matumba 48 pa hekitala, zomwe mlimi aliyense wa ku Linga angavomere. Apa konzani mopanda mantha, chifukwa manambala awiri akuchitirana umboni motsutsa limodzi.

Pa peresenti ndikusiyana nanu. Tikati zokolola zakwera, timayerekeza ndi pomwe zinali, osati pomwe zafika. Anali pa 160, awonjezera 80. Nanga 80 si theka la 160? Ndiye zakwera ndi 50 peresenti. Pa foni mungolemba:

```
(240-160)/160*100
```

Inu mwagawa ndi 240, ndipo 33 yanuyo ikanakhala yoona zikanakhala kuti atsika kuchoka pa 240 kufika pa 160. Wolembayo naye ndikuona chomwe chinamupusitsa: watenga matumba 80 owonjezerawo n'kungowamata mawu oti peresenti. Komanso kwa owerenga Chichewa ine ndikanangoti "awonjezera matumba 80 pa matumba 160 a chaka chatha". Agogo a kumudzi amva nthawi yomweyo, ndipo palibe angakutsutseni.

Mayi Nasibeko: Chabwino, pa peresenti ndagonja, masamu ndinawasiya ku Fomu 2. Koma K12 miliyoni ndiye sindisuntha.

A Mwale: Masamu anuwo ndi olondola, koma Chisomo usasinthe nambala imeneyo. Chomwe tikudziwa n'chakuti matumba, mtengo ndi ndalama sizikugwirizana. Sitikudziwa kuti wabodza ndani mwa atatuwa. Mwina kadontho kalakwikadi. Mwina mtengo wa thumba si umenewo. Mwinanso sanagulitse mpunga wonse. Taona, K1.2 miliyoni ukaigawa ndi K50,000 ikupereka 24 ndendende, popanda chotsala. Matumba 24 akhoza kukhala omwe agulitsa pofika tsiku lomwe mnzakoyo anapitako. Alimi a mpunga ambiri sagulitsa zonse atangokolola mitengo ili pansi, amasungako. Ukalemba kuti apha K12 miliyoni chonsecho sanaigwire, mawa mamembala akamuzinga msungichuma kumufunsa komwe kwapita K10.8 miliyoni, ndipo akuba nawo nyuzipepala amawerenga. Funsa wolembayo ajambule tsamba la kope lake akutumizire. Ngati m'kopemo mulibe yankho, ayimbire foni amene anamuuza.

Chisomo: Ndamutumizira uthenga. Podikira, mainawa nawonso andisokoneza. Ndime yachiwiri akuti "wapampando wa kalabuyi, Mayi Esnart Banda". Ndime yachisanu akuti "Nabanda anati". Pansi pa chithunzi alemba "Esinati Bandah". Mfumu ya deralo pena ndi Malengachanzi, pena Malenga Chanzi. Bomalo m'mutu ndi Nkhota-Kota, m'kati ndi Nkhotakota.

Yamikani: Ife a pa wailesi zimenezo sizitivuta, Esnart ndi Esinati pakamwa ndi munthu mmodzi. Tangoiwerenga mokweza, zomwe zikumveka bwino uzisiye.

Mayi Nasibeko: Kuwerenga mokweza kumagwira chiganizo chopunduka, koma dzina khutu limalikhululukira. Ine ndimatenga pepala lapadera n'kulemba dzina lililonse pomwe latulukira koyamba, la munthu, la mudzi, la mfumu, pamodzi ndi udindo wake. Kenaka ndimasaka limodzilimodzi ndi Ctrl+F, koma osalemba dzina lonse. Ukalemba "Malengachanzi" makina sakupezera "Malenga Chanzi". Lemba "Malenga" basi, kapena "Band", kapena "Nkhota", zonse zituluka. Usaiwale mawu a pansi pa chithunzi, kumeneko ndiye kumabisala zinthu, poti kawirikawiri amalembedwa mothamanga nkhani itatha kale.

Za Nabanda, ife tikudziwa kuti ndi mfunda, kutchula mayi wa kwa Banda mwaulemu. Koma m'nkhani woyamba kutchulidwa ndi Mayi Banda, ndiye wowerenga akakumana ndi Nabanda ndime yachisanu aganiza kuti walankhula mayi wachiwiri. Sankha chimodzi. Ngati kumudziko amadziwika kuti Nabanda, nena kamodzi koyambirira, kenaka ugwire chomwecho mpaka pansi. Esnart kapena Esinati, Banda kapena Bandah, pamenepo sitisankha ndife. Mwini wake anene mmene zilili pa chiphaso chake chaunzika. Alipo anthu amene "h" wa kumapetoyo amamufunadi.

A Mwale: Zoona. Maina a malo okha ndi omwe mkonzi angagamule yekha, ndipo akagamula asasinthenso. Atsamunda ankalemba Kota Kota, mabuku ena akale mupeza Nkhota Kota, koma lero zikalata za boma zimalemba Nkhotakota, liwu limodzi. Malengachanzi inenso ndimalemba pamodzi. Koma udindo wa mfumu uwufunse ku ofesi ya bwanamkubwa usanalembe, chifukwa mafumu amakwezedwa. Ndili wachinyamata ndinatchulapo mfumu ina ndi udindo wake wakale itakwezedwa kale, nduna zake zinabwera mpaka ku ofesi, ndipo kupepesa kwake kunali kwa pa tsamba lachiwiri.

Chisomo: Nanga mutuwo? Mnzangayo akuti amaona nyuzipepala zina zikuyamba liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, ndiye amangosankha Capitalize Each Word.

A Mwale: Batani limenelo silidziwa Chichewa. Tawerenganso: "Alimi A Mpunga". M'chilankhulo chathu "a" wotsogolera dzina loyamba ndi chilembo chachikulu ndi waulemu, ngati a Phiri, a Mwale. Ndiye mutuwo ukumveka ngati alimiwo ndi antchito a bambo wina dzina lake a Mpunga. Chichewa chili ndi timawu tambiri tating'ono, a, wa, la, ku, pa, ndi, ndipo tikatikweza tonse mutu umaoneka ngati mpanda wa mitengo yosadulira. Lemba mutu ngati chiganizo wamba: chilembo chachikulu pa liwu loyamba ndi pa maina enieni okha. Nkhotakota akwere, mpunga, ku ndi miliyoni zikhale pansi. K wa kwacha yekha ndi wamkulu nthawi zonse. Kumapeto osaika mpumiro.

Mayi Nasibeko: Apo musamulamule kwambiri, a Mwale. Komwe ndinkagwira ine mitu ya tsamba loyamba yonse inali ya zilembo zikuluzikulu, ndipo ena amakwezadi mawu ofunika n'kusiya timawu tating'onoto pansi. Chisomo, tenga nyuzipepala ya sabata yatha ya komwe nkhaniyi ikupita, uone mitu isanu ya pa tsamba la Chichewa, utsate zimenezo. Cholakwika chenicheni ndi kusakaniza pa tsamba limodzi. Koma "A" wamkuluyo ndiye achokedi, pa njira iliyonse.

Yamikani: Ndifunseko zanga. Pa tsamba lathu la nkhani timakangana tsiku ndi tsiku: Amalawi, aMalawi kapena a Malawi?

A Mwale: Ine ndimalemba Amalawi ndikamanena anthu, ngati mmene timalembera Achewa ndi Atonga. "A Malawi" ndimasungira zinthu za dziko, monga "malamulo a Malawi".

Mayi Nasibeko: Ine ndinazolowera aMalawi, M wa dziko asatsike. Takhala tikukangana izi ndi a Mwale kuyambira kale, lero sitimaliza. Alipo a Centre for Language Studies ku Zomba, kafunseni kumeneko. Chisomo, m'nkhani yakoyo liwuli lilimo?

Chisomo: Mulibe, mwamwayi. Mnzanga uja wayankha, waimbira wapampando. A Mwale munalota: agulitsa matumba 24 okha kuti abweze ngongole ya feteleza, 216 otsalawo ali m'nyumba yosungiramo akudikira mitengo ikwere. Ndiye K1.2 miliyoni ndi yolondola, cholakwika ndi chiganizo chomwe chimamveka ngati ndi ndalama ya mpunga wonse. Dzina akuti Esnart Banda, wopanda "h". Ndime yachitatu ndalemba chonchi: "Pakadali pano alimiwa agulitsa matumba 24 pa mtengo wa K50,000 thumba limodzi, ndipo apeza K1.2 miliyoni. Matumba 216 awasunga podikira kuti mitengo ikwere." Mutu: "Alimi a mpunga akolola matumba 240 ku Nkhotakota".

Mayi Nasibeko: Ee, ndikanamuphetsa msungichuma wosalakwa. Koma zoti asunga matumba 216 m'nyumba, wapampandoyo wavomera kuti zituluke? Musatchule pomwe pali nyumbayo.

A Mwale: Mutuwo uli bwino. Chatsala chimodzi: mpungawo ndi wopuntha kapena wosapuntha? Nkhani siikunena, chonsecho mtengo wake umasiyana kwambiri. Komanso matumba a mpunga wosapuntha ambiri amangodzaza ndi ndowa n'kusoka, sapita pa sikelo, ndiye 50 ija ikhoza kukhala ya pakamwa chabe. Ngati sanayeze, matani 12 aja nawonso ali pa mchenga.

Chisomo: Akuti foni ya wapampando yazima tsopano, ndipo yatsala mphindi 20. Matani ndawachotsa, ndi "a makilogalamu 50" omwe, ndasiya matumba okha. Za kupuntha ndamulembera mkonzi pamwamba pa nkhani kuti tikufunsabe.

Yamikani: Foniyo ikayaka mundifunsireko wogulayo ndi wa kuti.