Manambala a mvula andisokonezera miini ku Fomu 3

aPhiri (Ntcheu): Aphunzitsi anzanga tandithandizeni. Chaka chino pa sitatisitikisi ndinati ana asamangokopera manambala a m'buku, ndiye tinaika chitini pa bwalo kutali ndi mitengo kuti aziyeza okha mvula 8 koloko m'mawa. Chitini tinaika Lachisanu, kuwerenga tinayamba Lolemba, masabata awiri. Mamilimita ake ndi awa: 0, 12, 0, 3, 0, 48, 0, 5, 0, 2. Miini ikutuluka 7, midiyani 1, modi 0. Ndiye mtsikana wina wandifunsa kuti sala, 7 ameneyu anagwa tsiku liti? Gulu lina lachotsa maziro onse ati silinali tsiku la mvula, lapeza 14. Mawa ndiwauze chani?

Nachisale: Achotsa mazirowo alakwitsa basi, ziro nayenso ndi nambala, mwana anapita kukasuzumira m'chitini napeza mouma nalemba. Koma 48 yo ndi imene ikukoka miini, ine ndikanaichotsa, mwina wina anathiramo madzi dala, ana athuwa timawadziwa.

aPhiri: Ayi madamu mvula inagwadi wikendi imeneyo, chimanga cha kumunda kwa sukulu chinachita kugona.

Che Mbewe (Machinga): Musachotse 48. Taonani pamene wakhala, ndi nambala yachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti Lolemba. Madzi amenewo ndi a masiku atatu, kuyambira Lachisanu m'mawa mpaka Lolemba m'mawa, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu kunalibe wokhuthula. Ziro woyambayonso ndi wa masiku atatu. Ndiye mwawerenga ka 10 koma masiku ndi 14, ndipo 70 kugawa ndi 14 ndi 5 osati 7. Vuto lagona pa chogawira. Aja a 14 musawakalipire kwambiri aNachisale, ayankha funso lina, loti ikagwa imagwa yochuluka bwanji, kungoti nawonso wikendi yawapusitsa, agawa ndi 5 pomwe sitikudziwa kuti mwa masiku atatu aja inagwa masiku angati.

Nachisale: Eee zoona sindinaone za Lolembazo. Basi agawe 48 patatu, 16, 16, 16, nkhani yatha.

Che Mbewe: Miini siisintha mukatero, ikhalabe 5, koma mwapeka masiku atatu a mvula yofanana omwe palibe anawaona. Midiyani ndi imene ivutike. Masiku ouma otsimikizika alipo 7 mwa 14. Ngati limodzi mwa atatu aja linali louma maziro akwana 8 ndipo midiyani ndi 0, koma mukalemba ma 16 nambala yachisanu ndi chitatu ikhala 2, midiyani nkukhala 1. Ine ndikanawalembera zonse ziwiri pa bolodi adzionere okha kuti Loweruka limodzi losayeza likusintha yankho.

aGama: Inetu za mvula ndinasiya. Kwathu tinayesa ndi botolo la sobo lodula, pansi pake pali mabampu aja ndiye rula imanama, kenako mbuzi zinagwetsa. Pano ndimangoyeza misinkhu, tepi pakhoma, nsapato avule, ana 60 piriyodi imodzi tamaliza ndipo histogalamu imatuluka yokongola. Chongoyang'anira nchoti ana amakonda 150, 155, 160, mukaona manambala ambiri akuthera 0 ndi 5 dziwani kuti akungoyerekeza sakuwerenga tepi.

aPhiri: Misinkhu tidzachita pofika pa histogalamu, koma pano funso la mtsikana uja ndi limene landigwira. Za rulazo aGama mwandikumbutsa, ifenso timaviika rula m'chitini, 2 ndi 3 ujayu sindikumukhulupirira kwenikweni.

Che Mbewe: Rula isiyeni, bwerekani silinda ku labu kapena sirinji. Yezani kukamwa kwa chitini, ngati ndi masentimita 10 eliya yake ndi `3.14 × 5 × 5 = 78.5`, ndiye milimita imodzi ya mvula ndi mamililita 7.85. Mwana akathira mu silinda napeza 157, agawe ndi 7.85, ndi mamilimita 20. Mtsikanayo muuzeni kuti 5 wa miiniyu si mvula ya tsiku linalake, ndi mmene ikanagwera mvula yonse ija ikanagawidwa mofanana masiku 14. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, ndiye malita 70 anagwa pa sikweya mita iliyonse ya bwalolo, 48 mwa iwo wikendi imodzi.

Nachisale: Komabe ine ndikuopa, pa mayeso akapatsidwa manambala 10 agawe ndi 10, tisawasokoneze ana ofooka ndi za 14 zi.

aPhiri: Ndiwauza kuti pa pepala la mayeso nambala iliyonse ndi tsiku limodzi, zathuzi nzosiyana. Pali anyamata awiri okhala kuseri kwa sukulu, ndawapempha aziyeza Loweruka ndi Lamulungu, mmodzi wavomera, winayo akuti Loweruka amapita ku tchalitchi ndiye atenga Lamulungu. Silinda ndikafunsa ku labu mawa.