Thandizo: kusintha siketi yayitali kukhala thalauza pachithunzi

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndili ndi situdiyo yaying'ono ku Nchalo, ndipo mayi wina wandipempha kuti pachithunzi chake ndichotse siketi yofika m'mapazi n'kuikapo thalauza. Kuwajambulanso sikutheka chifukwa anabwerera ku Nsanje.

Pachithunzicho aimirira pamphasa pakhonde, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere, ndipo nsonga za nsapato zokha ndi zimene zikuoneka. Ndikugwiritsa ntchito Photoshop CS6. Ndinadula thalauza pachithunzi china ndi Pen Tool n'kuipinda ndi Puppet Warp, koma miyendo ikuoneka ngati ikulendewera m'malere, popeza mawondo sakulunjika pamene pali nsapato. Ndikuganiza kuti thalauzayo inajambulidwa kamera ili m'munsi, pomwe mayiwa ndinawajambula nditaimirira.

Chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi mpata wa pakati pa miyendo, pamene siketi inabisa mphasa. Nditadzaza mpatawo ndi Clone Stamp, mizere ya bango inathyokathyoka, chifukwa bango la kutsogolo limaoneka lalikulu kuposa la kumbuyo. Mthunzi nawonso udakali umodzi wotambalala ngati wa siketi, ndipo nditapaka iwiri pa Multiply inangooneka ngati madontho a oyilo.

Kodi Vanishing Point ingalumikize bwino mizere yothinana ngati ya mphasa? Nanga nsapato, ndisunge nsonga zawozo n'kuphimba kumtunda ndi mpendero wa thalauza, kapena ndibweretse mapazi onse kuchokera pachithunzi chinacho?